Amakuyamikirani Koma Satchula Tsiku: Mafunso ndi Mayankho pa Mawu Okoma ndi Cholinga Chenicheni

M'madoko a ku Salima, kuyambira ku Chikombe, kudutsa ku Lifuwu ndi ku Nguwo mpaka kukafika ku Chipoka, anthu amabwera n'kumapita monga mmene nsomba zikuyendera. Usipa ukachuluka doko limadzaza ndi asodzi, ogula nsomba, akabaza ndi ogulitsa zakudya, ndipo ukasowa ambiri amanyamuka kukasaka kwina. Pamalo otere zibwenzi zimayamba msanga, ndipo dandaulo limodzi limamveka kawirikawiri pakati pa amayi ndi atsikana, nthawi zinanso pakati pa abambo: "Amandiuza kuti ndine wokongola, kuti ngati ine palibenso, koma ndikafunsa za kutsogolo amangoti tiona." Mafunso otsatirawa ndi amene munthu wotopa ndi kudikira amadzifunsa.

Kodi kuyamikira munthu n'kulakwa? Nanga chikondi chimayamba bwanji popanda mawu okoma?

Si kulakwa ayi. Mnyamata amene waona mtsikana wakhama pa thandala la usipa n'kumuuza kuti ntchito yake ndi yaukhondo wanena zoona, ndipo mabanja ambiri olimba anayamba ndi mawu ngati amenewa. Vuto limabwera pamene mawuwo akhala chinthu chokhacho chimene munthu akupereka kwa miyezi yambiri.

Kuyamikira koona ndi kushashalika zimasiyana pa zinthu ziwiri zosavuta kuziona. Choyamba, woyamikira moona amatchula chinthu chimene wachiona mwa inu nokha, monga mmene munalezera mtima ndi wogula wamwano, kapena mmene mukulipirira mng'ono wanu sukulu. Woshashalika amanena mawu amene angauze mkazi wina aliyense pa doko lililonse: maso okongola, kuyenda bwino, mkazi wapabanja. Chachiwiri, onani nthawi imene mawuwo amabwera. Ngati matamando amachuluka madzulo amene akufuna kugona kwanu, tsiku limene akufuna kubwereka ndalama ya mafuta a injini, kapena pamene mwayamba kumuzizirira, ndiye kuti mawuwo ali ndi ntchito imene akugwira. Munthu wokukondani amathanso kukuuzani zosakoma. Amakuuzani kuti mtengo umene mwagulira nsomba mwakwera nawo, kapena kuti mwalankhula mwaukali kwa mayi anu. Amene pa miyezi 6 sanatsutsanepo nanu pa kanthu kalikonse mwina sakuika mtima pa moyo wanu mokwanira kuti aone pamene mukuphonya.

Ndiye cholinga chenicheni chimaoneka bwanji?

Chimaoneka ndi zinthu zinayi: tsiku, malo, dzina la munthu wina, ndi kanthu kamene wolankhulayo akutayapo. "Ndidzakukwatira" ndi chikhumbo chabe. "Loweruka la pa 14 ndibwera ndi atsibweni anga kwa amalume anu ku Maganga, ndipo sindilowa m'madzi usiku wa Lachisanu kuti ndidzafike ndili bwino" ndi dongosolo. M'mawu achiwiriwa muli tsiku loti mutha kuliwerengera, malo oti anthu akakonzeko, munthu wachitatu amene angadzachite manyazi zikalephereka, ndiponso usiku umodzi wa ndalama umene mnyamatayo wausiya.

Akatswiri a kaganizidwe ka anthu anayesapo kusiyana kumeneku. Mu 1997, Peter Gollwitzer ndi Veronika Brandstätter anapempha ophunzira a pa yunivesite ku Jeremani kuti pa tchuthi alembe lipoti la mmene anachitira chikondwerero cha Khirisimasi. Ena anauzidwa kuti asankhiretu nthawi ndi malo olembera, ena sanauzidwe. Mwa amene anasankhiratu nthawi ndi malo, oposa awiri mwa atatu aliwonse analembadi pa nthawi yake, pamene mwa enawo anali pafupifupi mmodzi yekha mwa atatu. Onse anavomera ndi pakamwa mofanana. Chimene chinawasiyanitsa ndi kutchula liti ndiponso kuti.

Anthu a kunyanja izi amazidziwa kale pa malonda. Msodzi akakuuzani kuti "nsomba za mawa ndi zanu, mayi," simupita kukagona mtima uli m'malo, chifukwa mawu omwewo wauzanso ena atatu. Nsomba zimakhala zanu pamene mwagwirizana mtengo wa chigoba, mwaperekako ya mafuta, ndipo pali amene waona. Nzeru imene timaigwiritsa ntchito pa chigoba cha usipa tisaisiye kunyumba pamene nkhani ndi ya moyo wathu wonse.

Chikhalidwe chathu chili ndi njira yoyesera zimenezi?

Chili nayo, ndipo ndi yakale. Pakati pa Achewa ndi Ayao, amene ndi ochuluka ku Salima, ukwati sumangidwa ndi anthu awiri okha. Mnyamata akafunsira mbeta n'kuloledwa, amakauza amalume ake kapena mkulu wake, ndipo mtsikana amamuuza dzina la mwini mbumba wa kwawo, amene nthawi zambiri ndi mlongo wa mayi ake. Akuchimuna amapita kukaonekera kuchikazi, mbali zonse ziwiri zimafufuzana, kenako amasankha ankhoswe ndi kupangana tsiku la chinkhoswe. Amakambirananso kumene banjalo lidzakhale, kaya ndi chikamwini, mwamuna kukakhala kwawo kwa mkazi, kapena chitengwa, mkazi kutengedwa kupita kwawo kwa mwamuna. Asilamu amaonjezera kupangana mahari ndi kumanga ukwati pamaso pa shehe ndi mboni, ndipo mipingo yambiri yachikhristu imalengeza ukwati masabata atatu usanachitike kuti wodziwa chifukwa choletsa anene.

Mukayang'anitsitsa, sitepe iliyonse pamenepa imachotsa nkhani m'kamwa mwa anthu awiri n'kuiika m'manja mwa ena. Mnyamata akauza amalume ake, sangathenso kunena mawu omwewo kwa atsikana atatu a m'mudzi umodzi. Akuchikazi akafufuza, zimadziwika ngati anasiya mkazi ndi ana ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay. Ichi n'chifukwa chake woshashalika amakonda kuti chibwenzi chikhale cha awiri, ndipo amachikometsera ndi mawu akuti "anthu ndi ansanje, atisokoneza." N'zoona kuti pa masabata oyamba palibe chifukwa chouzira mudzi wonse. Koma chinsinsi chimene chafika chaka chathunthu chimateteza munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo si amene akudikira.

Funso losavuta kwambiri limene mwambowu watipatsa ndi lakuti: "Amalume anu ndani, ndipo amakhala kuti?" Munthu wa cholinga amayankha mosavutika, nthawi zina mokondwa. Wongocheza amaseka, amasintha nkhani, kapena amakwiya.

Koma ntchito ya panyanja ilibe ndandanda. Si kulakwira msodzi kumufunsa tsiku?

Funsoli ndi loyenera, chifukwa msodzi salamulira mphepo kapena nsomba. Mlovi amene amakoka chilimira amalandira gawo lake malinga ndi zimene zaphedwa usiku umenewo, ndipo sangadziwe lero ndalama imene adzakhale nayo mwezi wamawa. Komabe nyanja ili ndi kalendala yake, ndipo aliyense wokulira m'mbali mwake amaidziwa.

Usipa amaupha usiku ndi nyali, ndipo nyali zimakopa nsomba bwino kukakhala mdima. Mwezi ukawala kwambiri, maboti ambiri amapuma masiku angapo, ndipo izi zimachitika mwezi uliwonse. M'nyengo yozizira, makamaka mu Juni ndi Julayi, mwera umatha kuwomba masiku otsatizana moti palibe amene amalowa m'madzi. Pa chilumba cha Mbenji, chimene chili m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsegulidwa mu Epulo ndi kutsekedwa mu Disembala, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Malamulo a pachilumbapo salola akazi, mowa kapena juga, choncho mwamuna amene ali ku Mbenji ali ndi chifukwa chomveka chosaonekera kwa masabata ambiri. Koma yemweyo amadziwa kuti kuyambira Disembala mpaka Epulo chilumbacho chidzakhala chotseka.

Tsono msodzi wa cholinga amalankhula motsata kalendala imeneyi. Amati, "Mwezi ukawala ndibwera," kapena "Mbenji akatseka, sabata yotsatira ndikupita kwathu kukauza akuluakulu." Ili ndi tsiku ndithu, ngakhale silinalembedwe ndi manambala. Ndipo mwera ukasokoneza dongosolo, iye mwini ndi amene amayamba kuimba foni n'kutchula tsiku lina. Apa ndi pamene pali chizindikiro chodalirika koposa: aliyense amatha kulephera kubwera, koma wa cholinga akalephera amabweretsa tsiku latsopano popanda kufunsidwa, pamene woshashalika amabweretsa mawu okoma ena oposa oyamba aja.

Zomwezi zimagwiranso kwa alendo a kumapeto a sabata. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndipo ku Senga Bay ndi pafupifupi makilomita 20 kuchokera pa boma. Bambo amene amatha kuyenda mtunda wonsewu kudzacheza kunyanja, koma osapeza ola limodzi lokalonjera mayi anu amene ali m'mudzi wapafupi, vuto lake si mtunda.

Nanga ngati akunena kuti akudikira apeze kaye ndalama?

Umphawi ndi weniweni, ndipo mnyamata amene akuopa kuchita manyazi pamaso pa akuchikazi tiyenera kumumvetsa. Koma tisiyanitse zinthu zimene zimafuna ndalama ndi zimene sizifuna. Phwando la chinkhoswe la masiku ano, la holo, zovala zofanana ndi zokuzira mawu, limadya ndalama zambiri. Kuuza amalume ako kuti wapeza mbeta sikufuna ndalama. Kutumiza mkulu wako kukaonekera kumafuna ya kabaza kapena ya minibasi basi. Pa mwambo wa chikamwini palibe malowolo a ng'ombe monga zilili kumpoto, ndipo chinkhoswe cha pakhomo, cha ankhoswe, nkhuku ndi chakudya cha banja, ndi ukwati wokwanira pa mwambo.

Choncho munthu akati "ndikapeza ndalama," mufunseni modekha kuti ndalama zingati, za chiyani, ndipo wasunga kale zingati. Wa cholinga amakhala ndi yankho chifukwa nkhaniyi amaiganizira usiku. Angakuuzeni kuti akufuna malata 12 kuti amalize nyumba, kuti 5 anagula kale ndipo ali kwa mlongo wake, kapena kuti amaponya ndalama ku banki mkhonde sabata iliyonse. Mutha kukawaona malatawo. Amene alibe cholinga ndalama yake ilibe nambala, ndipo usipa ukaphedwa wambiri n'kulandira gawo lalikulu, nkhani ya ukwati siyandikira ngakhale pang'ono. Nyengo ya ndalama ikadutsa kawiri popanda chosintha, chimene chikusowa si ndalama.

Ndingachite bwanji kuti ndidziwe zoona popanda kukangana naye?

Tiyerekeze mayi wa zaka 27 amene amayanika usipa ku Nguwo ndipo ali ndi mwana mmodzi. Kwa miyezi 8 wakhala pa chibwenzi ndi siginala wa boti lina, mwamuna wochokera kumpoto amene amachita lendi chipinda pafupi ndi doko. Mwamunayo amamutumizira mauthenga a pa WhatsApp pafupifupi tsiku lililonse, amamutcha "mayi wa kunyumba," ndipo amauza anzake kuti nsima ya mayiyu ilibe inzake. Amadya kwa mayiyu kangapo pa sabata. Kawiri konse wabwereka ndalama, ndipo wabweza kamodzi.

Choyamba, mayiyu akhale pansi yekha n'kulekanitsa zimene mwamunayo wanena ndi zimene wachita. Pa zonena pali zambiri. Pa zochita afunse kuti: ndi dongosolo liti limene mwamunayo anayambitsa yekha, kulitchulira tsiku, n'kulikwaniritsa? Ndi wachibale wake uti amene ndinalankhulapo naye? Anabwerapo masana, anthu akuona, kapena amangofika kukada? Mwana wanga atadwala, anachitapo chiyani? Mayankho a mafunso amenewa ndi amene akuonetsa chibwenzicho mmene chilili.

Chachiwiri, apemphe chinthu chimodzi chaching'ono, chotheka, chokhala ndi nthawi yake. Asayambe ndi "mundikwatira liti," chifukwa funso lalikulu chotere limayankhidwa mosavuta ndi lumbiro lalikulu. Anene kuti: "Achimwene anga akubwera kuchokera ku Lifuwu Lamulungu likudzali, ndipo mwezi ukhala ukuwala, simulowa m'madzi. Ndikufuna mudzawalonjere masana." Asankhe nthawi imene onse ali odekha, osati pa mkangano kapena pogona.

Chachitatu, akatero akhale chete, asamukumbutse kawirikawiri, ndipo asamukonzere zonse. Mayankho amene angabwere ndi atatu. Mwamunayo angavomere n'kubweradi. Angakane moona mtima, kunena kuti, "Mayi, ine sindinakonzeke, ndipo kwathu ndili ndi banja," yankho lowawa koma laulemu chifukwa likumumasula mayiyo. Kapena angayankhe ndi matamando: "Inu mayi, mukudziwa kuti ndinu moyo wanga, bwanji mukundikayikira? Achimwene anuwo tidzaonana nawo, nthawi ilipo." Yankho lachitatuli lili ndi mawu okoma kuposa ena onse, koma mulibe inde, mulibe ayi, mulibenso tsiku.

Zikatero mayiyu apereke mpata wachiwiri, chifukwa munthu amatha kuchita mantha ulendo woyamba. Atchule nthawi ina, mwezi ukadzawalanso. Ulendo wachiwiri ukadutsa chimodzimodzi, wapeza yankho lake ngakhale mwamunayo sanalinene. Pa miyezi iwiri yokha wadziwa chimene akanatha kuchidikira zaka zitatu.

Kodi kufunsa chonchi sikumuthawitsa mwamuna amene mwina akanadzandikwatira?

Mantha amenewa ndi amene amasunga anthu ambiri pa chibwenzi chosapita patsogolo. Atsikana amaphunzitsidwa kuti mkazi safunsa za ukwati, amadikira kufunsiridwa. Koma mwambo womwewo umayembekezera kuti wofunsirayo atumize akwawo posachedwa, ndipo kale achibale a mtsikana ankamufunsa mnyamata wozungulirazungulira pakhomo kuti cholinga chake n'chiyani. Pa doko, pamene ambiri ali kutali ndi amalume awo, palibe amene angakufunsireni funsolo, ndiye muyenera kulifunsa nokha. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kupempha munthu kuti alonjere mchimwene wanu si kumukakamiza ukwati. Mwamuna amene amakufunani, ngakhale wamanyazi, pempho lotere limamupatsa njira yoyambira, ndipo ambiri amamasuka nalo. Amene angathawe chifukwa cha moni wa masana amodzi sakanadzafika pa chinkhoswe. Chimene mwataya pamenepo ndi mauthenga okoma, ndipo n'zoona kuti mudzawasowa kwa kanthawi.

Pali kusiyana pakati pa wamanyazi ndi wozemba. Wamanyazi amalankhula zochepa koma amachita: amakukonzerani thandala losweka, amabwera pa maliro a kwanu n'kugwira nawo ntchito, amakuonetsani kwa mlongo wake ngakhale akuchita chibwibwi. Wozemba ndi wosiyana naye kwambiri, pakamwa pake ndi potsekemera koma pa maliro saoneka.

N'chifukwa chiyani munthu amachita zimenezi, ndipo n'chifukwa chiyani zimavuta kumusiya?

Si onse amene amachita mwadala. Ena amakondadi kucheza nanu ndipo mawu amene amanena amawamva mumtima pa nthawi imeneyo, koma safuna udindo. Ena ali ndi banja kwina ndipo akufuna pofikira pa nyengo ya usodzi: chakudya chophikidwa, zovala zochapidwa, ndi pogona. Ena amasunga anthu angapo nthawi imodzi kuti wina akakana apite kwa wina. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku Amereka, Willard Waller, analemba mu 1938 kuti pa chibwenzi, amene sakuchifuna kwambiri ndi amene amachilamulira. Woshashalika amapereka mawu okwanira kuti musachoke, koma osafika poti iye amangike.

Kuvuta kwa kumusiya kuli ndi chifukwa chake. B. F. Skinner ndi Charles Ferster, m'buku lawo la 1957, anafotokoza zimene anapeza poyesa nkhunda: mbalame imene imalandira chakudya mwa apo ndi apo, mosadziwika nthawi, imapitiriza kujompha nthawi yaitali chakudyacho chitasiya kubwera, kuposa imene inkalandira nthawi zonse. Munthu si nkhunda, koma mtima wathu umagwidwanso ndi chinthu chobwera mosayembekezereka. Akakhala chete masiku anayi kenako n'kutumiza uthenga wotsekemera, chisangalalo chake chimakula chifukwa cha nkhawa ya masiku anayi aja. Kudziwa izi kumathandiza kuti musadzione ngati wopusa, ndiponso kuti musayese kukula kwa chikondi ndi kukula kwa mpumulo umene mumamva akatulukira.

Tinenenso kuti khalidweli si la amuna okha. Alipo amayi amene amatamanda mwini boti kapena siginala, kumulonjeza kuti "tidzakambirana," n'cholinga choti azipeza nsomba mosavuta pamene ogula achuluka. Mnyamata amene wakhala akutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa chaka, koma mtsikanayo sakufuna kumuuza dzina la amalume ake, ayese ndi muyeso womwewu.

Kodi kudikira kuli ndi vuto lanji ngati tikukondana ndipo sitikukangana?

Mtengo wake umaoneka mochedwa. Lamulo la maukwati la dziko lino la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa pa mwambo, wa kuchipembedzo, ndiponso ukwati wa anthu amene akhalira limodzi ndipo amadziwika ngati banja. Koma mtundu wotsirizawu suchitika wokha. Ndi khoti limene limagamula kuti ulipo, ndipo limayang'ana zinthu monga kutalika kwa ubalewo, kumene sikuyenera kuchepera zaka 5, kukhalira nyumba imodzi, kudalirana pa chuma, ndi mmene anthu a m'dera amawaonera awiriwo. Mwamuna wobwera usiku n'kuchoka m'mamawa, amene anaumirira kuti chibwenzi chikhale chachinsinsi, wachotsa umboni womwe khoti likanafuna. Akamwalira panyanja kapena akangosamukira ku doko lina, mkaziyo amatsala wopanda ankhoswe oti akadandauleko, ndipo achibale a mwamunayo amatha kunena kuti sakumudziwa.

Ana ali ndi chitetezo chawo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalamula bambo ndi mayi kusamalira mwana wawo kaya anakwatirana kapena ayi, ndipo mayi atha kukapempha khoti kuti ligamule za chithandizo. Koma kuti izi zitheke muyenera kudziwa dzina lenileni la bamboyo, mudzi wake ndi mfumu yake. Pa doko anthu ambiri amadziwika ndi maina ongopatsidwa, ndipo pali amayi amene anabereka mwana asakudziwa kumene bambo wake amachokera.

Palinso za thanzi. Mawu akuti "ndiwe wekha" si umboni wa chilichonse, ndipo m'madera a usodzi, mmene anthu amayendayenda, kachilombo ka HIV kamafala mosavuta. Kupita limodzi kukayezetsa magazi ku chipatala cha boma n'kwaulere, ndipo ndi dongosolo lokhala ndi tsiku ndi malo. Amene akukana ulendo umenewu uku akukana kondomu, akukupemphani kuti muike moyo wanu pa mawu ake okha.

Ndikazindikira kuti palibe cholinga, ndichoke bwanji?

Nenani kamodzi, momveka, popanda kutukwana: "Ndinakupemphani kawiri kuti muonane ndi achimwene anga ndipo sizinatheke. Ine ndikufuna banja, ndiye chibwenzichi chathera pano." Musalowe m'mtsutso woti amakukondani kapena ayi, chifukwa pa mawu adzakuposani. Nkhani ndi ya zimene zinachitika ndi zimene sizinachitike.

Yembekezerani kuti matamando achuluka kuposa kale pa masabata otsatira, mwinanso ndi misozi ndi malumbiro. Muyeso ukhale womwe uja. Ngati wasinthadi, atumize mkulu wake kapena amalume ake kwa akwanu, ndipo mpaka zimenezo zitachitika asadye kapena kugona kwanu. Ena amasinthadi akaona kuti zinthu zavuta, ndipo khomo la ankhoswe limakhala lotsegula kwa iwo.

Konzaninso za ndalama ndi malonda. Ngati nsomba zanu mumagula pa boti lake, yambani kugwirizana ndi maboti ena musanathetse chibwenzi, kapena gulani pamodzi ndi amayi anzanu, kuti chakudya cha ana anu chisadalire munthu mmodzi. Ngongole imene ali nayo kwa inu muitchule pamaso pa mboni, monga wa komiti ya pa doko kapena nyakwawa. Uzani wachibale mmodzi kapena mnzanu wodalirika zimene mwasankha, kuti pa masiku ofooka pakhale wokukumbutsani chifukwa chake. Ndipo ngati mawu okoma aja asanduka kuopseza, kukutsatirani kapena kukumenyani, pitani ku nthambi ya apolisi yothandiza anthu ochitidwa nkhanza kapena kwa mfumu tsiku lomwelo, chifukwa pamenepo nkhani yasanduka ya chitetezo chanu ndi cha ana anu.